Funso la Mfumu Dariyo ndi Mlandu wa Miyeso Yosiyana

Kale kwambiri, zaka ngati 500 Yesu asanabadwe, ku Perisiya kunali mfumu dzina lake Dariyo, imene ufumu wake unayambira ku Iguputo mpaka kukagunda ku Indiya. Pabwalo pake pankapezeka anthu a mitundu yambiri, aliyense ndi chiyankhulo chake ndiponso miyambo ya kwawo. Tsiku lina mfumuyo inaitanitsa Agiriki n'kuwafunsa kuti iwapatse chuma chochuluka bwanji kuti adye mitembo ya abambo awo. Agirikiwo anati ngakhale chumacho chiunjikidwe chotani, zimenezo sangachite, pakuti kwawo mtembo ankautentha pamoto. Kenaka mfumu inaitanitsa anthu ena a ku Indiya otchedwa Akalatiya, amene mbiri yawo inali yoti makolo akamwalira amadya mitembo yawo. Agiriki aja ali pomwepo, womasulira akuwauza zonse, mfumu inafunsa Akalatiya kuti iwapatse chiyani kuti atenthe mitembo ya abambo awo. Iwo anakuwa ndi mantha, nachonderera mfumu kuti isatchulenso zonyansa zotere.

Amene analemba nkhaniyi ndi Mgiriki wina dzina lake Herodotasi. Kaya Akalatiya ankachitadi zimenezo kaya anangowanenera, izo n'za iye, koma mfundo imene anatolapo ndi imene yakhala ikuzunguza anthu ophunzira mpaka lero. Iye anati mutasonkhanitsa miyambo yonse ya padziko n'kuuza mtundu uliwonse kuti usankhepo yabwino koposa, uliwonse ukhoza kuiyang'ana bwinobwino kenaka n'kutola ya kwawo.

Inu adzukulu amene mumapatsidwa ntchito yolemba nkhani yoikira kumbuyo ganizo limeneli kusukulu zaukachenjede, ambiri mumagwa pa khomo loyamba. Mumalemba kuti chilichonse n'chabwino bola anthu akuchikonda, ndipo wotsutsa amangotchula ukapolo, nkhani yanu n'kuthera pomwepo. Ndikuyalireni mmene mlanduwu umayendera kuyambira pa chiyambi, ndi nkhani zakale za kuno kwathu, pakuti dziko lino linaona zambiri zimene anzathu akunja amangozikamba m'mabuku.

Choyamba nenani chimene mukuteteza, ndipo muchinene mochepa. Ganizo lake ndi ili: tikamati munthu walakwa, timamuyeza ndi muyeso umene anthu ena ake anamanga pokhalira limodzi, ndipo miyeso yotere ilipo yambiri, palibe umodzi umene unganenedwe kuti ndiwo wokhawo woona kwa anthu onse a nthawi zonse. Wanzeru wina wa ku Amereka, Gilbert Harman, analemba mu 1975 kuti chikhalidwe chimamera pa mgwirizano wa anthu, ngakhale mgwirizanowo usanalembedwe kapena kunenedwa pakamwa. Gwirani mawu amenewo a mgwirizano, adzakuthandizani kutsogolo pamene zinthu zafika povuta. Onaninso zimene ganizoli silikunena. Silikunena kuti munthu aliyense ali ndi muyeso wakewake, moti wakuba mbuzi akhoza kunena kuti kwa iye kuba n'kwabwino. Silikunenanso kuti kulakwa kulibe. M'kati mwa muyeso uliwonse kulakwa kulipo, ndipo kumalipitsa.

Mukatero bweretsani umboni wanu wamphamvu. Wa Dariyo uja ngwokoma posimba, koma wamphamvu koposa uli pakhomo pathu. Mu 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kuchokera kummwera, ndipo patapita zaka ena anakakhazikika ku Mzimba pansi pa M'mbelwa, ena ku Chipata pansi pa Mpezeni. Gulu lina, la a Maseko, linadzakhala cha ku Dedza ndi Ntcheu. Anthu amenewa anabwera ndi lamulo lawo la ukwati: mwamuna amapereka ng'ombe za lobola, mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna, ndipo ana ndi a kuchimuna. Achewa amene anawapeza anali ndi lamulo lina. Mwamuna ndiye ankapita kuchikamwini, kukamanga nyumba ndi kulima kwa apongozi, ndipo ana anali a mbumba ya mayi, woiyang'anira ali atsibweni. Ngakhale mkazi atatengedwa chitengwa, ana sankasiya kukhala a kuchikazi.

Tsono tiyerekeze mlandu, wa mtundu umene mafumu akhala akuweruza kawirikawiri. Mnyamata wa ku Mzimba wakwatira mtsikana wa ku Dowa, abereka ana atatu, kenaka bamboyo wamwalira. Maliro atatha, akuchimuna akuti ana atsale pamudzi pa bambo wawo, chifukwa ndiwo magazi a pamenepo ndipo munda wawo uli pamenepo. Atsibweni a ana, amene abwera kuchokera ku Dowa, akuti mbumba yawo siingasiyidwe m'manja mwa eni, ana abwerere kumene kunachokera mayi wawo, kumene kuli malo awo ndi manda a makolo awo. Aliyense mwa awiriwa akuona mnzake ngati wolanda ana. Aliyense akulankhula ndi mtima woona, ndipo aliyense akanati agonje msanga, abale ake akanamutcha munthu wotaya mtundu.

Funsani tsopano kuti ndani mwa awiriwa sakudziwa kanthu kena. Onse akudziwa amene anabereka anawo. Onse akudziwa kuti mwana amafuna chakudya, munda ndi womulera. Palibe chinthu chobisika chimene dokotala kapena mphunzitsi angaulule kuti mmodzi avomere kuti anasokera. Malamulo awiriwa onse analera anthu kwa mibadwo, onse amapatsa mwana womuyankhira pa mlandu, pomwe adzalime ndi pomwe adzaikidwe. Amangosiyana pa munthu amene amusenzetsa udindowo. N'chifukwa chake mfumu yanzeru siyamba ndi kufunsa kuti mwambo woona ndi uti. Imafunsa kuti ankhoswe anagwirizana chiyani pomanga ukwatiwo, ng'ombe zinaperekedwa kapena ayi, ndipo banjalo linkakhala kuti. Imafufuza mgwirizano umene anthuwo analowa. Apa ndi pamene nkhani yanu yaima pouma, ndipo musafulumire kuchokapo.

Wotsutsa woyamba ndi wochenjera. Iye amati kusiyana maganizo sikutanthauza kuti choona palibe. Kale anthu ena ankati dziko n'lafulati, ena ankati n'lozungulira, koma kukangana kwawoko sikunachititse kuti onse akhale olondola. Mawu amenewa ngoona, ndipo muwavomere poyera. Amene amangoti anthu amasiyana, choncho muyeso umodzi palibe, walumpha mtsinje osaona pokaponda. Yankho lanu likhale lakuti mikangano ili mitundu iwiri, ndipo chitsanzo chake ndi mwabvi.

Makolo athu akakayikira munthu kuti ndi mfiti, ankaitana mapondera. Iyeyu ankasinja khungwa la mtengo wa mwabvi, n'kulisungunula m'madzi, woganiziridwayo n'kumwa anthu akuona. Akasanza, ankati alibe mlandu, abale ake n'kululutira, ndipo womunenerayo ankalipa. Akafa, ankati ufiti wake wamugwira. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Ena ankachita kupempha okha kuti amwe, pofuna kuyeretsa dzina lawo, chifukwa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwabvi supha wosalakwa. Boma la atsamunda linaletsa zimenezi ndi lamulo la za ufiti la 1911.

Kodi ganizo lathu litikakamiza kunena kuti mwabvi unali wabwino kwa iwo? Ayi, ndipo chifukwa chake chili m'muyeso wa makolo omwewo. Iwo sankafuna kupha osalakwa. Ankafuna kuteteza mudzi ndi kupeza wolakwa weniweni. Chimene sankadziwa n'chakuti khungwa lija lili ndi poizoni amene amagwira mtima, ndipo kufa kapena kusanza kunkadalira kuchuluka kwa mankhwala amene mapondera waika ndi mphamvu za thupi la womwayo. Munthu akangozindikira zimenezi, muyeso wake womwe umamuuza kuti mwabvi unapha anthu osalakwa. Mkangano wa mwabvi ndi wofanana ndi wa dziko lafulati uja: umatha pamene choona chadziwika. Koma mkangano wa ku Mzimba ndi ku Dowa sutha, ngakhale onse atadziwa zonse zodziwika. Ganizo lanu limadalira mikangano ya mtundu wachiwiriwu, ndipo polemba muzisiyanitsa bwino, chifukwa wotsutsa amakonda kuiphatikiza.

Wotsutsa yemweyo ali ndi mkondo wina. Amati mukayang'anitsitsa, Agiriki ndi Akalatiya sankasiyana konse, onse ankafuna kulemekeza bambo wawo, anangosiyana kachitidwe. Nazonso n'zoona mbali ina. Palibe mtundu umene ungakhalepo nthawi yaitali ngati sulera ana, ngati anthu ake amaphana mwachisawawa, kapena ngati mawu a munthu sakhulupirika ngakhale pang'ono. Koma mawu oti lemekeza bambo wako sauza munthu chochita m'mawa wa tsiku la maliro. Chimene chimamuuza kuti akoleze moto kapena akumbe manda ndi mwambo. Ndipo pamene zabwino ziwiri zawombana, monga kumvera makolo ndi ufulu wosankha wekha wokwatirana naye, mitundu imaika patsogolo zosiyana, ndipo apo si kachitidwe chabe ayi, ndi chikhalidwe chenicheni.

Wotsutsa wachiwiri sindichedwa naye, chifukwa amanena zoona ndipo mankhwala ake ndi kumugonjera. Iye amati inu mukunena kuti palibe lamulo la anthu onse, kenaka mukulamula anthu onse kuti asaweruze miyambo ya anzawo. Nanga lamulo limenelo lachokera kuti? Mngelezi wina wanzeru, Bernard Williams, anaseka kwambiri kudzitsutsa kumeneku m'buku lake la 1972. Amene anagwa m'mbuna imeneyi sanali anthu opusa. Mu 1947, pamene bungwe la mayiko onse linkakonza chikalata cha ufulu wachibadwidwe chimene chinavomerezedwa mu 1948, bungwe la akatswiri a za miyambo ya anthu ku Amereka linachenjeza kuti chikalatacho chingadzangokhala maganizo a Azungu ovekedwa dzina la anthu onse. Chenjezolo linali ndi pogwira, pakuti nthawi imeneyo ife a Nyasalandi ndi mayiko ambiri a mu Afirika tinali pansi pa atsamunda, wotifunsa panalibe. Koma kuchoka pamenepo n'kufika poti aliyense ayenera kulolera mwambo uliwonse, ndiko kudzitchera msampha wekha. Inu lembani kuti ganizo lanu likufotokoza mmene chikhalidwe chilili, silikulamula aliyense kulolera. Ngati mumakonda kulolerana, nenani kuti mukukukonda monga mwa muyeso wanu.

Chimene ganizoli limachita n'kuchotsa munthu matama, ndipo mbiri ya gule wamkulu ikuonetsa kufunika kwake. Amishoni atafika, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889 ndi Akatolika ku Mua mu 1902, anaona zinyau ngati ntchito za mdima basi. Mkhristu wopezeka kudambwe ankadulidwa mumpingo, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mkangano wa sukulu za mishoni ndi eni dambwe unafika poipa m'midzi yozungulira Mua. Pa Mua pomwepo mu 1976 wansembe Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni, amene lero akusunga zigoba za gule zambirimbiri ndi matanthauzo ake, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu onse. Amishoni oyamba aja anali ndi muyeso wawo, ndipo anali ndi ufulu woulalikira. Analakwitsa poganiza kuti anthu amene anawapeza analibe muyeso uliwonse, osaona kuti kudambwe ndi kutsimba n'kumene achinyamata ankalangizidwa ulemu, kusunga chinsinsi ndi kuthandiza pamaliro.

Tsopano tafika pa wotsutsa wachitatu, amene amagwetsa nkhani zambiri. Iye safuna mawu ambiri, amangoti: nanga ukapolo? Cha m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba. Kuchokera pamenepo zombo zinkaolotsa anthu kupita kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, kenaka ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa, ena n'kukagulitsidwa pa msika wa ku Zanzibar, umene unatsekedwa mu 1873. Amuna ankawamanga m'goli, mtengo wa mphanda wotsekera pakhosi, atasenza minyanga ya njovu. Wofooka panjira ankasiyidwa kapena kuphedwa. Ndipo tisanamizane, adzukulu, ogulitsa sanali alendo okha. Mafumu ena a Chiyao ndi a Chichewa ankasinthanitsa anthu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. M'midzi yathu momwe munthu ankatha kuperekedwa ngati chikole pa mlandu wa mbale wake. Malondawa anatha ndi nkhondo, pamene asilikali a Harry Johnston anagonjetsa Mlozi ku Karonga n'kumupachika mu Disembala 1895.

Wotsutsa akuti: pamenepo ukapolo unali mwambo, mafumu ankauvomereza, malamulo a nthawiyo sankauletsa. Ngati chabwino ndi chimene muyeso wa anthu ake ukuloleza, ndiye kuti Jumbe sanalakwe. Kodi mungaime pansi pa mkuyu wa ku Nkhotakota n'kunena mawu amenewo?

Musathawe funsoli, ndipo musaliyankhe ndi mawu ozungulira. Bwererani ku mawu aja a mgwirizano n'kufunsa kuti mwambowo unali wa yani. Mayi amene anagwidwa kumunda n'kumangidwa chingwe sanalowe mgwirizano uliwonse ndi Jumbe. Anthu a m'mudzi mwake amene anathawira m'mapiri ndi kumanga malinga ankadziwa bwino lomwe kuti akuchitiridwa nkhanza, ndipo sanadikire mmishoni kuti awauze. Choncho pa Nkhotakota panalibe muyeso umodzi umene wogula ndi wogulidwa ankagwirizanapo. Panali muyeso wa ogwira mfuti, ndi kulira kwa ena onse. Amene amati chikhalidwe cha nthawi imeneyo chinkaloleza ukapolo wangomvera mbali imodzi, mbali ya amene anali ndi mphamvu yolankhula. Taonaninso kuti ogulitsawo kawirikawiri ankayamba ndi kugulitsa ogwidwa kunkhondo, alendo ndi anthu opanda owayankhira, pamene mwana wa mlongo wawo weniweni ankamuteteza. Ankadziwa kuti goli ndi chinthu choipa. Chimene ankachita n'kuchepetsa chiwerengero cha anthu amene ankawayesa anzawo.

Pali chinanso choti muwonjezere. Ganizo lanu silikutsekani pakamwa. Inu muli ndi muyeso wanu, ndipo mwa muyeso umenewo mukhoza kunena mokweza kuti zimene zinkachitika ku Nkhotakota zinali zoipa, mukhozanso kulimbana nazo. Chimene simunganene n'chakuti mukulankhula mutaima pamalo amene si a mtundu uliwonse. Amene anathetsa malondawa nawonso sanaime pamalo otero. Angelezi analetsa malonda a akapolo mu 1807 atawachita okha kwa zaka zoposa 200, ndipo pomasula akapolo m'madera awo ndi lamulo la 1833 analipira eni akapolo ndalama zokwana mapaundi 20 miliyoni, akapolowo osalandira kanthu. Atafika kuno anachotsa goli n'kulola thangata m'minda ya Azungu ya ku Shire, imene inali imodzi mwa nkhanza zimene zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Izi sizichepetsa ubwino wa kutha kwa ukapolo. Zikungoonetsa kuti nawo ankayenda ndi muyeso wa kwawo, wowala pena, wakhungu pena.

Koma pano ndikuchenjezeni, chifukwa wowerenga wakuthwa adzakugwirani. Mukanena kuti mwambo woona uyenera kukhala wovomerezedwa ndi amene ukuwakhudza, mwaika malire amene akugwira miyeso yonse. Simulinso pa ganizo lija loti chilichonse chimatheka. Vomerani zimenezo m'nkhani yanu, musadikire kuti akuuzeni. Pali wanzeru wina, David Wong, amene m'buku lake la 2006 anayenda njira yomweyi. Iye amati chikhalidwe chili ndi ntchito yake, yothandiza anthu kukhalira limodzi ndi kulongosola moyo wa munthu payekha, ndipo chifukwa cha mmene munthu analengedwera, si muyeso uliwonse umene ungagwire ntchitoyo. Ina imalephera, koma yokhoza ndi yoposa umodzi. Chikamwini ndi lobola zonse zimakhoza. Goli silikhoza. Ine ndimaona kuti apa ndi pokhapo pamene munthu angaime osagwa.

Ngakhale pamenepo patsala kachirombo kamene sikafa msanga. Wotsutsa akhoza kufunsa za anthu oponderezedwa amene analeredwa mpaka kuvomereza okha kuponderezedwa kwawo, monga mayi wamasiye amene amapempha yekha mwambo womuvulaza poopa kuti akaukana mudzi udzaona malodza. Kodi kuvomera kwakeko ndi mgwirizano? Yankho labwino limene muli nalo ndi kufunsa ngati akanavomerabe atadziwa zoona zake za matenda ndi imfa, ndiponso atakhala ndi kothawira akakana. Nthawi zambiri kuvomera kotere kumasungunuka mantha akachoka. Koma simungalonjeze kuti kudzasungunuka nthawi zonse, ndipo nkhani yolembedwa moona imasiya bala limeneli poonekera.

Wotsutsa wachinayi amafunsa za anthu osintha zinthu. Amati ngati chabwino ndi chimene mwambo ukunena, ndiye kuti aliyense wotsutsa mwambo wa kwawo ndi wolakwa pa tsiku limene wayamba, ndipo mawu oti zinthu zapita patsogolo alibe tanthauzo. Yankho lake lili ku Dedza. Inkosi Theresa Kachindamoto, italowa ufumu mu 2003, inapeza ana aakazi ambiri akukwatiwa asanakhwime. Inathetsa maukwati otere mazanamazana, ana n'kubwerera kusukulu, ndipo nyakwawa zimene zinkapitiriza kuwaloleza inkaziimitsa paudindo. Dziko linatsatira: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nazo.

Taonani chida chimene mayiyu anagwiritsa ntchito. Sanatsike kumwamba ndi muyeso wachilendo. Anaitana nyakwawa zake monga mfumu, n'kugwirizana nazo malamulo a m'dera, ndipo mphamvu yochotsa nyakwawa yosamvera ndi ya mwambo womwewo. Mfundo yake inalinso yodziwika kwa agogo aliyense: mfumu ndi mlezi wa anthu ake, ndipo mwana ndi wofunika kumuteteza. Mwambo si chinthu chimodzi chosalala. M'kati mwake muli mfundo zakuya ndi zizolowezi zapamwamba, ndipo nthawi zina zimatsutsana. Wosintha zinthu amagwira mfundo yakuya n'kuonetsa anthu kuti chizolowezi chawo chikuiphwanya. Chimodzimodzi kulanda chuma cha masiye, kumene lamulo la 2011 limakutcha mlandu: ngakhale ku Mzimba ngakhale ku Dowa, mwambo unkapatsa wachibale udindo wolera ana a malemu, ndipo amene amanyamula malata ndi mipando n'kusiya ana pamtetete akuphwanya mwambo umene akuutchulawo.

Choncho kupita patsogolo kuli ndi tanthauzo m'ganizo lanu. Ndi pamene anthu afika pokwaniritsa bwino zimene iwo eni amaziyesa zofunika, atadziwa zoona zambiri ndiponso atamvera anthu ambiri amene kale sankafunsidwa. Mlendo naye ali ndi malo ake, paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Akhoza kuona chimene eni mudzi anachizolowera. Koma mawu ake amagwira pokhapokha akapeza pokhala m'mitima ya eni ake, ndipo n'chifukwa chake lamulo la 1911 linathetsa mwabvi wa poyera koma silinathetse kunenerana ufiti, kumene mpaka lero kukuphetsa nkhalamba m'midzi.

Za kayalidwe ka nkhani yanu, otsutsawa musawaike mwachisawawa. Yambani ndi amene mungamuyankhe mokwanira, wa kusiyana maganizo uja, kuti wowerenga aone kusiyana kwa mwabvi ndi chikamwini, chifukwa mayankho ena onse atsamira pamenepo. Wa kulolerana mumugonjere m'ndime imodzi. Malo aakulu muwapereke kwa ukapolo, ndipo mawu a wotsutsayo muwalembe mwamphamvu moti iye mwini atawerenga avomere kuti ndi akedi. Wophunzira amene amafooketsa dala mawu a mdani wake kuti amugwetse mosavuta, aphunzitsi amamuzindikira pa tsamba loyamba. Wa osintha zinthu abwere pambuyo, chifukwa yankho lake limamera pa funso lija loti mwambowo ndi wa yani.

Pomaliza pa nkhani yanu musalembe kuti mwapambana zonse, chifukwa simunapambane. Munayamba ndi ganizo lalikulu ndipo mwatsala ndi laling'ono: miyeso yoyenera ilipo yoposa umodzi, ina ndi yolephera, ndipo palibe munthu amene amaweruza ali kunja kwa miyeso yonse. Wina akakuuzani kuti limeneli silinso ganizo la Herodotasi, muvomereni, pakuti Herodotasi anangosimba za mitembo, sanafunse kapolo aliyense wa pabwalo pa Dariyo. Ndipo musanalembe kuti mwambo wakutiwakuti anthu ake amaukonda, pitani kaye mukafunse mkamwini, mayi wamasiye ndi mtsikana wa zaka 14 wa m'mudzimo, aliyense payekha, mfumu ndi ankhoswe palibe.